Hadiweya ya 3.0 ndi usipa wa 1.1: lipoti la mafayilo awiri a ngongole ku Mangochi

Mu Julaye 2024 mafayilo awiri anafika pa tebulo langa tsiku limodzi. Ndimagwira ntchito ku bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama kuno ku Mangochi, ndipo gawo langa ndi kuwerenga mabuku a wopempha ngongole, kukaona bizinesi yake, kenako kulembera komiti ya ngongole zomwe ndapeza. Fayilo yoyamba inali ya bambo wina wa shopu ya hadiweya m'tauni muno, amene amafuna K10 miliyoni yoonjezera katundu. Yachiwiri inali ya mayi wina amene amagula usipa pa doko la Msaka, kuyanika, n'kukagulitsa ku Limbe. Iwo amafuna K3 miliyoni yomangira tenti yoyanikiramo nsomba. Maina sinditchula, ndipo ziwerengero ndachotsa timakwacha tapamwamba kuti zisavute kutsatira.

Pa fomu yathu pali mizere iwiri yomwe komiti imayang'ana isanawerenge china chilichonse. Pa kompyuta imaoneka motere:

```
Current ratio = Current assets / Current liabilities
Quick ratio = (Cash + Receivables) / Current liabilities
```

Mu ofesi timangoti karenti reshiyo ndi kwiki reshiyo. Karenti reshiyo imatenga chuma chonse chomwe chikuyembekezeka kusanduka ndalama pasanathe miyezi 12, monga ndalama za m'manja ndi za kubanki, ndalama zomwe zili kwa makasitomala, ndi katundu wogulitsa, n'kugawa ndi ngongole zonse zoyenera kubwezedwa m'miyezi 12 yomweyo. Yankho likakhala 2.0, ndiye kuti pa K1 iliyonse ya ngongole pali K2 ya chuma chotere. Kwiki reshiyo imangotenga ndalama za m'manja ndi za kubanki ndi zomwe zili kwa makasitomala, kusiya katundu wogulitsa, n'kufunsa kuti: malonda atangoima lero, zotsalazo zingakwane kubweza ngongole? Lamulo lomwe tinalipeza pa fomu limati karenti isachepere 2.0, kwiki isachepere 1.0. Muyezo wa 2 pa 1 umenewu ndi wakale, unazika mizu m'mabanki a ku Amereka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pamene ankabwereketsa amalonda ndi mafakitale osunga katundu wambiri. Sunapangidwe poganizira munthu amene katundu wake amatuluka m'nyanja usiku n'kukhala atagulitsidwa sabata ziwiri zisanathe.

Mabuku onse awiri anatsekedwa pa 30 Juni 2024. Bambo a hadiweya anali ndi K1.5 miliyoni m'manja ndi kubanki, K14.5 miliyoni kwa makasitomala, ndi katundu wa K32 miliyoni m'shopu ndi m'nyumba yosungira. Zonse pamodzi K48 miliyoni. Ngongole zawo zinali K16 miliyoni: K11 miliyoni kwa owaodetsa katundu, K3.6 miliyoni ya ngongole yakale yomwe amabweza K300,000 pamwezi, ndi K1.4 miliyoni ya msonkho ndi malipiro a antchito. Tikagawa 48 ndi 16 tipeza karenti ya 3.0. Tikachotsa katundu patsala K16 miliyoni, ndiye kwiki ndi 1.0 ndendende. Mizere yonse iwiri anadutsa.

Mayi a usipa anali ndi K2.4 miliyoni m'manja ndi m'foni, K1.2 miliyoni kwa opikula a ku Limbe, K1.5 miliyoni yomwe anaperekeratu kwa asodzi, ndi nsomba zouma za K4.8 miliyoni. Zonse K9.9 miliyoni. Ngongole zinali K9 miliyoni: K3.6 miliyoni kwa asodzi omwe anawapatsa nsomba osalipira pomwepo, K1.2 miliyoni ya galimoto ndi aganyu, ndi K4.2 miliyoni ya ngongole yomwe amabweza K350,000 pamwezi. Karenti inatuluka 1.1, kwiki 0.4. Mizere yonse iwiri analephera.

Tsiku lomwelo ndinachonga kuti fayilo ya hadiweya yadutsa, ya usipa ndinaiika pambali. Ndikuvomera kuti ndinafulumira. Chomwe chinandibweza ndi buku lathu lomwe la zobweza: mayiwa m'zaka zitatu sanachedwepo ndi tsiku limodzi, pamene bambowa m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayo anachedwa katatu. Sizinkagwirizana ndi zomwe fomu imanena, choncho ndinapempha sabata imodzi kuti ndikaone ndi maso.

Zomwe ndinapeza ku hadiweya

Shopu inali yodzadza mpaka kudenga, ndipo munthu wongodutsa angati pano ndiye pali ndalama. Ndinapempha buku la ogula pangongole, n'kuyamba kulemba tsiku lomwe aliyense anatenga katundu. Pa K14.5 miliyoni ija, K9 miliyoni inali kwa kontirakitala mmodzi amene anatenga simenti, malata ndi mafelemu a zitseko mu Novembala, miyezi isanu ndi iwiri mabuku asanatsekedwe. Ina K2 miliyoni inali ya anthu osiyanasiyana, yopitirira chaka, ena mwa iwo anasamuka. Yomwe imayenda bwino, yobwera mkati mwa mwezi, inali K3.5 miliyoni yokha.

Ndinawafunsa kuti, "Bambo, akontirakitalawa anakulonjezani liti?"

Anayankha kuti, "Achimwene, munthuyo sakukana. Nayenso akudikira kuti amulipire kumene anagwira ntchito. Akangolandira, ine ndi woyamba."

Ndikukhulupirira kuti amanena zoona. Koma kwiki reshiyo imatenga ndalama imeneyi ngati ili kale panjira, pamene tsiku lake palibe akulidziwa. Titawerenga ndalama zenizeni ndi ngongole zoyenda zokha, tinapeza K5 miliyoni pa K16 miliyoni, kwiki ya 0.31. Uku n'kutsika kuposa ya mayi a usipa.

Kenako tinalowa kosungira katundu. Apa chiwerengero chomwe chimandithandiza ndi cha masiku. Katundu yense amene anagulitsa m'chaka anamugula pa K73 miliyoni. Tikagawa ndi masiku 365, tsiku lililonse pamatuluka katundu wa K200,000. Ndiye katundu wa K32 miliyoni akufuna masiku 160 kuti athe, miyezi isanu ndi kanthu. Koma masiku 160 amenewa ndi ongosakaniza. Simenti imatha m'sabata ziwiri, malata m'miyezi iwiri. Kumbuyo kunali matailosi, masinki, penti ya mitundu yomwe anthu sakuifunsa, ndi zolumikizira mapaipi, zokwana K6 miliyoni, zomwe sizinasunthe kwa chaka. Pa makatoni a matailosi panali fumbi loti n'kulembapo dzina ndi chala. Pakona panali matumba asanu ndi atatu a simenti omwe anakoka chinyezi nthawi ya dzinja. Nditagogoda limodzi ndi kiyi linalira ngati mwala, koma m'buku linali likadali pa mtengo wake wonse. Lamulo la kalembedwe ka mabuku a ndalama lotchedwa IAS 2 limati katundu alembedwe pa mtengo womwe anagulidwa kapena womwe angagulitsidwe, kutengera wotsika pa iwiriyo. M'mashopu athu ambiri palibe amene amatsitsa. Zomwe zinalowa m'buku zimakhala momwemo mpaka kalekale.

Pali mbali ina yomwe ndinailemba mu lipoti pofuna chilungamo kwa bambowa. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Matailosi ndi masinki omwe anagulidwa zimenezi zisanachitike ali m'buku pa mtengo wakale, ndipo atagulitsidwa lero angabweretse makwacha ochuluka kuposa olembedwawo. Choncho K32 miliyoni ija mbali ina ndi yokwera, mbali ina ndi yotsika. Koma kukwera mtengo sikubweretsa wogula. Ndipo thumba lililonse la simenti lomwe agulitsa, kuti aodenso lina pakufunika ndalama zambiri kuposa kale.

Titatha izi ndinachita chomwe ndinayenera kuyambira: kuika zonse pa kalendala ya masiku 30. Owaodetsa katundu amapereka masiku 30, choncho K11 miliyoni yonse imafunika mu Julaye, pamodzi ndi K300,000 ya ngongole ndi K1.4 miliyoni ya msonkho ndi malipiro. Zonse K12.7 miliyoni. Zolowa zinali K1.5 miliyoni yomwe ilipo, K3.5 miliyoni ya makasitomala oyenda bwino, ndi malonda a kashi a mwezi umodzi, pafupifupi K5.5 miliyoni. Zonse K10.5 miliyoni. Panali dzenje la K2.2 miliyoni, tisanawerengere lendi ndi magetsi. Apa ndi pomwe ndinamvetsa kuchedwa katatu kuja. K10 miliyoni yomwe amapempha, gawo lake lina likanathera kutseka dzenje limeneli, osati kuonjezera katundu.

Fayilo yawo ya chaka chatha inanenanso kanthu. Mu Juni 2023 karenti yawo inali 2.4 ndipo katundu amatha m'masiku 110. Reshiyo inakwera kufika pa 3.0 osati chifukwa bizinesi inalimba, koma chifukwa katundu ndi ngongole za makasitomala zinaunjikana. Ichi ndi chizindikiro chomwe tsopano ndimachiyang'ana msanga: karenti ikamakwera, masiku a katundu akukweranso, koma ndalama ya kubanki ikutsika.

Zomwe ndinapeza ku Msaka

Ndinafika m'mawa maboti atangokocheza. Mayiwa anali pakati pa mathandala, akuyang'anira atsikana awiri omwe amamwaza usipa, m'manja muli kope la sukulu lomwe amalembamo dzina la boti, mabigiri omwe atenga, ndi tsiku lolipira. Nditawauza za ziwerengero zathu anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Mwanangu, ine ndalama siigona. Ikagona ndiye kuti usipa wandidutsa."

Masamu anagwirizana nawo. Nsomba zomwe anagulitsa m'chaka anazigula pa K146 miliyoni, kapena kuti K400,000 patsiku. Nsomba za K4.8 miliyoni ndi za masiku 12 basi. Opikula a ku Limbe amalipira mkati mwa sabata, ambiri kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo ndinaona mauthenga ake m'foni. Taonani kusiyana kwake: katundu wa mayiwa, amene kwiki reshiyo imamutaya ngati wochedwa, amasanduka ndalama m'masiku 12, pamene ngongole ya kontirakitala, yomwe kwiki reshiyo imailandira ngati yachangu, inali itadutsa masiku 200.

Mbali ya ngongole nayo inali ndi chobisika. Pa K9 miliyoni ija, K4.2 miliyoni ndi ya miyezi 12, ndipo mu Julaye pamafunika K350,000 yokha. Reshiyo siisiyanitsa ngongole ya mawa ndi ya mwezi wa 11. Zonse imaziponya m'dengu limodzi. Pa kalendala ya masiku 30 zofunika zinali K3.6 miliyoni ya asodzi, K1.2 miliyoni ya galimoto ndi aganyu, ndi K350,000, zonse K5.15 miliyoni. Zolowa zinali K2.4 miliyoni, K1.2 miliyoni, ndi nsomba zija zitagulitsidwa pa mtengo wa nthawi imeneyo, pafupifupi K5.8 miliyoni. Zonse K9.4 miliyoni, ndipo zimalowa sabata ziwiri zisanathe.

K1.5 miliyoni yoperekeratu kwa asodzi sindinaiwerengere, ndipo apa pamafunika kusamala. Mabuku ena amapeza kwiki reshiyo pongochotsa katundu pa chuma chonse. Tikanatero, ndalama imeneyi ikanatsalamo ndipo kwiki ikanakhala 0.57 m'malo mwa 0.4. Koma ndalama yomwe wapatsa msodzi kuti agule mafuta a injini sibwera ngati ndalama, imabwera ngati nsomba, ndipo imabwera ngati nyanja yalola. Mwera ukawomba sabata yathunthu, monga umachitira m'miyezi yozizira, maboti satuluka. Msodzi wina amatha kusamukira ku doko lina, kaya ku Makanjira, ndalama ili m'thumba. Musanayerekeze kwiki reshiyo ziwiri, funsani kaye ngati anaziwerenga mofanana.

Sindikufuna kuti wina amve ngati bizinesi ya usipa ilibe chiopsezo. Ili nacho, koma ndi cha mtundu wina, ndipo reshiyo siichiona. Ndinayesa kawiri. Mtengo ku Limbe utagwa ndi 30 peresenti chifukwa nsomba zachuluka pamsika, nsomba zija zikanabweretsa pafupifupi K4.1 miliyoni, zolowa zonse K7.7 miliyoni, ndipo akanalipirabe aliyense. Koma katundu yense ataonongeka, kaya ndi mvula pa thandala kaya ndi ngozi panjira, zikanatsala K3.6 miliyoni pa ngongole ya K5.15 miliyoni. Tailosi likhoza kudikira wogula zaka zitatu. Usipa wonyowa sudikira. Bizinesi ya reshiyo yotsika imakhala bwino pokhapokha gudumu likuzungulira, ndipo kumapeto kwa chaka gudumu limeneli limachedwa: boma limatseka nyanja kwa makoka ena mu Novembala ndi Disembala kuti nsomba ziswane, mvula n'kuyambanso nthawi yomweyo. Balansi shiti ya pa 30 Juni, pepala loonetsa chuma ndi ngongole za tsiku limenelo, sinena kanthu za Januwale. N'chifukwa chake ndinakhala pansi ndi kope lawo lija n'kulemba zolowa ndi zotuluka mwezi ndi mwezi kwa chaka chonse.

Ndinaonetsanso komiti momwe tsiku limodzi lingasinthire ziwerengero. Mayiwa akanatenga K2.4 miliyoni yawo pa 29 Juni n'kulipira asodzi, chuma chikanakhala K7.5 miliyoni, ngongole K6.6 miliyoni. Karenti ikanakwera kufika 1.14, kwiki n'kugwa kufika 0.18. Bizinesi ndi yomweyo, munthu ndi yemweyo, ndipo wachita chinthu chabwino, kulipira anzake. Masamu ake ndi awa: reshiyo ikakhala pamwamba pa 1, kulipira ngongole ndi kashi kumaikweza, ikakhala pansi pa 1, kumaitsitsa. Amene akudziwa zimenezi akhoza kukonzeratu mabuku ake kutatsala tsiku limodzi kuti atseke chaka, ndiye ndi bwino kuona sitetimenti ya kubanki ya sabata yomaliza ya Juni ndi yoyamba ya Julaye.

Ku komiti

Apampando anafunsa funso loyenera. "Ndiye mukuti tisiye kugwiritsa ntchito mareshiyowa?"

Ndinati ayi, bambo. Pa hadiweya ndi reshiyo yomwe inatilozera pomwe pali vuto: kuchoka pa 3.0 kufika pa 1.0 kunatiuza kuti magawo awiri mwa atatu a chuma chawo ali m'katundu, ndipo funso lotsatira linali lakuti katunduyo akuyenda bwanji. Cholakwika chinali kuika hadiweya ndi usipa pa sikelo imodzi. Hadiweya imafunika mitundu yambirimbiri ya katundu kuti kasitomala asabwerere, imagulitsa pangongole kwa omanga, koma yokha imapatsidwa masiku 30. Bizinesi yotere ikhala ndi karenti yokwera mwachibadwa, ndipo ikufunikadi yokwera. Mafayilo ena atatu a hadiweya omwe tili nawo anali pakati pa 2.2 ndi 2.8, ndipo palibe amene katundu wake amadutsa masiku 120. Atatu ndi ochepa, koma ndi anzake enieni a bambowa. Kwa wogulitsa zinthu zotha msanga pa kashi, karenti ya 3.0 ikanandidabwitsa: ikanatanthauza kuti mwina ndalama zangokhala, kapena nsomba zakanirira.

Ndinawapatsanso chitsanzo cha malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makawa mpaka ku Chembe. Alendo akalipiriratu za Khirisimasi mu Okutobala, ndalama imeneyo imalembedwa ngati ngongole mpaka atabwera. Reshiyo imatsika pa nthawi yomwe malonda ali bwino kwambiri, chonsecho ngongoleyo idzabwezedwa ndi bedi ndi chambo chowotcha, osati ndi makwacha, pokhapokha mlendo atalephera kubwera n'kufuna ndalama yake.

Komiti inapatsa mayiwa K3 miliyoni ya miyezi 18, zobweza za Disembala mpaka Febuluwale zitachepetsedwa ndi theka n'kuonjezeredwa ku miyezi ina. Tinagwirizananso kuti ndalama zoperekeratu kwa asodzi zisadutse K1.5 miliyoni ngongole isanathe. Bambo a hadiweya sanapatsidwe K10 miliyoni. Tinawapempha zinthu ziwiri: kalata yosainirana ndi kontirakitala yonena masiku olipira, ndi kutsitsa mtengo wa katundu wa K6 miliyoni uja kuti atuluke. Sanasangalale nazo, makamaka za kutsitsa mtengo. Anati, "Achimwene, katundu saola, ndigulitsirenji motaya?" Ndinawawerengera chiwongoladzanja chomwe amalipira mwezi uliwonse pa ndalama yomwe yagona m'matailosiwo, n'kuwasiya aganize.

Mu Sepitembala anabweranso atagulitsa katundu wogona wa K2.5 miliyoni. Komiti inawapatsa K4 miliyoni ya miyezi isanu ndi umodzi, yolipiridwa mwachindunji kwa owaodetsa simenti ndi malata. Kontirakitala anapereka K5 miliyoni mu Okutobala. K4 miliyoni yotsala kwa kontirakitalayo inali isanabwere pamene ndimalemba lipotili. Pa 31 Disembala karenti yawo inali itatsika kufika 2.3, masiku a katundu 125, ndipo kuyambira Okutobala sanachedweponso. Mayi a usipa anachedwa koyamba mu Febuluwale 2025, ndi masiku 11. Tenti inali itagwira ntchito yake, koma inali yochepa, ndipo usipa womwe unatsala pa mathandala a panja unavumbwa masiku atatu otsatizana. Anaimba foni tsiku lolipira lisanafike, n'kudzamaliza atabwerako ku Limbe.

Fomu yathu mizere iwiri ija ikadalipo, koma malire a 2.0 ndi 1.0 tinawachotsa. Pansi pake tinaonjezera masiku omwe katundu amatha, ngongole za makasitomala zogawidwa m'magulu a masiku 30, 90 ndi zopitirira apo, zolowa ndi zotuluka za masiku 30 akubwerawo, ndi reshiyo ya bizinesi yomweyo ya mwezi womwewo chaka chatha. Kudzaza zimenezi kumanditengera maola awiri oonjezera pa fayilo iliyonse, ndipo kwa amene alibe mabuku, monga amalonda ambiri a m'madoko, kumafuna ulendo wokakhala nawo pansi ndi kope lawo.